Kutopa Kumene Sikumva Tulo

Mng'ono wanga anabereka mwana wake woyamba m'nyengo ya mwera, ndipo ine ndinachedwa kukaona khandalo chifukwa tchuthi cha kuntchito sichinapezeke msanga. Pamene ndinkatsika minibasi pa Mangochi boma n'kukwera kabaza kulowera kwathu cha ku Mpondasi, mwana anali atakwanitsa masabata 5, mchombo utagwa kalekale, ndipo alendo obwera ndi sopo ndi zitenje anali atayamba kuchepa. Amayi anandilandira ndi nkhani zabwino zokhazokha, kuti mwana akuyamwa bwino, akunenepa, ndiponso kuti alamu atumiza ndalama za matewera kuchokera ku Joni. Nditafunsa za mwini mwana, anangoyankha mwachidule kuti, "Watopa, uchembere ndi wotero."

Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kwa zaka zambiri, ndipo mawu amenewa ndawamva kawirikawiri kuchokera kwa agogo, apongozi ngakhale kwa anamwino anzanga. Nthawi zambiri amakhala oona, chifukwa palibe mayi wa khanda amene satopa. Koma pali kutopa kwina kumene kumaoneka chimodzimodzi kunja pamene m'kati mwake muli matenda ovutika maganizo ndi nkhawa amene amagwira amayi ena akabereka, ndipo sabata imene ndinakhala kwathu inandionetsa kuti banja lingathe kusiyanitsa ziwirizi popanda chipangizo chilichonse cha kuchipatala, bola lidziwe choyang'ana.

Kutopa kwa mayi aliyense

Mwana wakhanda amayamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku, ndiye kuti mayi sagona maola atatu otsatizana kwa masabata angapo. Onjezanipo bala la pobereka, magazi amene anataya, kuchapa matewera, kutunga madzi ndi kutentha kwa kunyanja kuno, mupeza kuti munthu akusinza ali chikhalire, akuiwala pamene waika mpeni, ndipo akupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Zonsezi si matenda. Chimene chimadziwika nacho kutopa kotereku n'chakuti kumamvera chithandizo: mayi akapatsidwa mpata amagona nthawi yomweyo, akadzuka nkhope imamasuka, nsima ya utaka amaidya ndi mtima wonse, ndipo mnzake akabwera ndi nkhani yoseketsa amaseka.

Palinso kulira kwa masiku oyambirira, kumene kumagwira amayi oposa theka. Kumayamba cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, nthawi imene mawere akudzaza mkaka ndipo mahomoni amene anali ochuluka pa nthawi ya pakati atsika mwadzidzidzi. Mayi amalira osadziwa chomuliritsa, kenako n'kuseka, kenako n'kudandaula kuti sakwanitsa. Zimenezi zimatha zokha pasanathe masabata awiri, ndipo mankhwala ake ndi tulo, chakudya ndi munthu womukhalira pafupi. Masabata awiri amenewa ndi ofunika kuwasunga m'mutu, chifukwa ndiwo malire oyamba. Kulira kumene kwapitirira pamenepo, kapena kumene kwayamba mwana ali ndi mwezi kapena miyezi ingapo, sikulinso kwa mtundu umenewu.

Mwana wa mng'ono wanga anali ndi masabata 5, choncho malire oyambawo anali atadutsa kale. Komabe masana oyamba sindinaone chilichonse chimene ndikanachiloza ndi chala. Anali atasamba, mwana anali waukhondo, ndipo ankayankha moni mwaulemu. Ndinangoona kuti mbale yake ya nsima inabwerera itangotsinidwa pang'ono, komanso kuti anthu akamayamikira mwana, iye ankamwetulira mochedwa, ataona kaye kuti enafe tamwetulira.

Usiku umene ndinatenga mwana

Tsiku lotsatira ndinamuuza kuti, "Lero ugone wekha m'chipindamo. Mwana agona ndi ine pabalaza, akafuna bere ndikubweretsera, akamaliza ndimutenganso." Anakana poyamba, koma amayi anandithandiza kumukakamiza, ndipo atamuyamwitsa madzulo analowa n'kutseka chitseko. Mwana anagona tulo tofa nato. Mwera unkawomba pa malata, m'nyumba munali pozizira bwino, ndipo panalibe chifukwa chilichonse choti munthu amene sanagone mokwanira kwa mwezi wathunthu akhale maso.

Pakati pa usiku ndinamva chitseko chikutseguka pang'onopang'ono. Anabwera chonyang'ama, n'kukweza neti, n'kuika chala pamphuno pa mwana kuti amve ngati akupuma. Ndinakhala ngati ndili m'tulo. Anabwerera kuchipinda, koma pasanapite nthawi yaitali anabweranso n'kuchita chimodzimodzi, ndipo ulendo wotsatira anakhala pansi pafupi ndi mphasa osabwereranso. Apa ndinadzuka n'kumufunsa motsitsa mawu ngati wagonako. Anapukusa mutu. Ndinamufunsa ngati zimenezi zayamba usiku womwewo chifukwa choti mwana ali kutali, ndipo anandiyankha kuti, "Ayi achemwali, ngakhale akhale pambali panga atagona, ine maso amangokhala gwa. Thupi limafuna kugona koma mutu suima."

Ndinamufunsa chimene mutuwo umanena. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kulankhula mosalira n'komwe, ndi mawu ouma amene anandiopsa kuposa misozi. Anati mkaka wake ndi wochepa ndipo mwana akuvutika ndi njala, ngakhale kuti ine ndinali nditaona ndi maso anga matewera onyowa bwino ndi masaya odzaza. Anati akamuyang'ana mwanayo samva chilichonse, amangochita zoyenera kuchita monga wantchito wolembedwa. Anati amayi amamuona kuti ndi waulesi, zimene amayi sananenepo. Pomaliza ananena mawu amene ndikuwamvabe mpaka lero: "Mwanayu akanakhala wanu, achemwali, bwenzi ali ndi mayi weniweni."

Apa ndinafunsa funso limene anthu ambiri amaliopa. Ndinati, "Kodi umaganizapo zoti bola kufa, kapena zodzivulaza?" Anthu amakhulupirira kuti kufunsa chonchi kumaika maganizowo m'mutu mwa munthu, koma si zoona, ndipo amene ali nawo kale nthawi zambiri amapepukidwa akaona kuti wina walimba mtima kuwatchula. Anandiyankha kuti sanaganizepo zodzipha, koma kuti masiku ena amalakalaka atangogona osadzukanso kuti apume. Ndinafunsanso ngati anakonzapo njira iliyonse, ndipo anati ayi. Yankho limenelo linandiuza kuti sitifunikira kuthamangira kuchipatala usiku womwewo, koma linandiuzanso kuti sitidikira tsiku la katemera.

M'mawa amayi anandifunsa ngati mwana wawo wapumako. Ndinawauza kuti, "Amayi, tamupatsa usiku wonse ndipo sanagone. Munthu wongotopa akanagona." Amayi ndi munthu wosataya mawu msanga, koma pamenepa anakhala chete, chifukwa analera ana ambiri ndipo akudziwa bwino momwe mayi wotopa amagwera pamphasa akangolandiridwa mwana.

Zimene banja lingaone

Kuyesa ndi tulo kumene ndinachita usiku umenewo ndi kumene ndimauza mabanja kuti ayambire, chifukwa sikufuna maphunziro. Mulandireni mwana kwa maola atatu kapena anayi, pa nthawi imene wangoyamwa, m'nyumba muli bata, ndipo muone chimene chichitike. Ngati mayi alephera kugona mobwerezabwereza mpata ulipo, kapena amadzidzimuka m'bandakucha n'kuyamba kulingalira mwana ali m'tulo, kapenanso amagona maola ambiri koma n'kudzuka ali wolemedwa monga momwe anagonera, ndiye kuti vuto si kusowa tulo kokha. Usiku umodzi sukwanira kugamula, n'chifukwa chake ndinamufunsa ngati zinayamba kale.

Chachiwiri ndi kuzilala kwa chisangalalo, ndipo kuti muchione muyenera kumudziwa munthuyo momwe analili kale. Mng'ono wanga anali wokonda kuimba ndiponso woyamba kufika kukwaya, ankamanga tsitsi la anzake pakhonde, ndipo foni yake sinkatsika m'manja. Tsopano mauthenga a anzake ankangowasiya osawatsegula, ndipo alamu akaimba kuchokera ku Joni ankapereka foni kwa amayi. Mayi wongotopa amadandaula kuti akusowa nthawi yochita zimene amakonda, ndiye kuti chilakolako chidakalipo. Mayi amene akudwala matenda ovutika maganizo sazifunanso n'komwe, ndipo mukamupatsa mpata wozichita amangoyang'ana.

Chachitatu ndi momwe amadzinenera yekha. Mverani mawu ake pamene akulankhula za iye mwini. Kudziimba mlandu pa zinthu zimene sanalakwe, kudziona wachabechabe, kukhulupirira kuti mwana kapena mwamuna akanakhala bwino popanda iye, zimenezi kutopa sikubweretsa. Zimabwera ndi matenda, ndipo sizichoka ndi kumutsutsa. Ndinamuonetsa m'buku la kuchipatala kuti kulemera kwa mwana kwakwera kuchokera tsiku lobadwa, iye anavomera ndi mutu, koma madzulo ananenanso kuti mwana akuwonda.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza mabanja ndi anamwino omwe. Amayi ambiri kuno sanena kuti ndakhumudwa, chifukwa mayi amene wapatsidwa mwana wamoyo amaopa kuoneka wosayamika. Amanena za thupi: mutu ukupweteka, mtima ukuthamanga, m'thupi monse mukuphwanya, chakudya sichikulowa. Ena amanena kuti akuganiza kwambiri. Madandaulo a thupi amenewa si abodza, amawamvadi, koma akapita nawo kuchipatala osatchula za tulo ndi maganizo amabwerako ndi panado, ndipo sabata yotsatira amapitanso.

Zizindikiro zimenezi zikakhalapo pafupifupi tsiku lililonse, kwa nthawi yaikulu ya tsikulo, kwa masabata awiri kapena kupitirira, nthawi yokaonana ndi azaumoyo yakwana. Zingayambe nthawi iliyonse m'chaka choyamba cha mwana, ndipo kwa ena zimayamba ali ndi pakati. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti padziko lonse amayi pafupifupi 13 mwa 100 amene angobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka amenewa, ndipo m'maiko osauka chiwerengerocho chimafika pafupifupi 20 mwa 100. Pamzere wa kusikelo wa amayi 50, amenewo ndi amayi ngati 10.

Nkhawa imabisala m'chisamaliro

Mbali ya nkhawa ndi imene imachedwa kuzindikirika, chifukwa kunja imaoneka ngati khalidwe labwino. Mayi amene amadzuka kukaona ngati mwana akupuma, amene salola wina kumunyamula, amene amagwiragwira liwombo tsiku lonse, anthu amamuyamikira kuti ndi wosamala. Ndipo kudera nkhawa pang'ono n'koyeneradi, makamaka kuno kumene malungo sachoka ndipo aliyense akudziwa banja limene linatayapo khanda. Kusiyana kwake kuli pa chimene chimachitika mayi akatsimikizira kuti zonse zili bwino. Wosamala amaona kuti mwana akupuma, mtima n'kukhala pansi, n'kugona. Wodwala nkhawa amaona kuti mwana akupuma, amapepukidwa kwa mphindi zochepa, kenako mantha aja amabwerera ndi mphamvu yomweyo, ngati madzi olowa m'bwato lobooka amene ukapungula amadzazanso.

Nkhawa imagwiranso thupi. Mtima umagunda mothamanga, mpweya umabanika, manja amanjenjemera, m'mimba mumapotokola, ndipo ena amagwidwa ndi mantha aakulu mwadzidzidzi kwa mphindi zingapo mpaka kukhulupirira kuti akufa. Mng'ono wanga anali atagwidwapo chonchi pamsika, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankapeza zifukwa zosatulukira pakhomo. Kupewa kotereku n'chizindikiro chachikulu, chifukwa kumakula: lero ndi msika, mawa ndi kumjigo, mkuja ndi kusikelo komwe.

Tsiku lina tikusankha nyemba anandiululira chinthu chimene ankachibisa kuposa zonse. Anati akamasambitsa mwana, m'mutu mwake mumabwera chithunzi choti mwana wapulumuka m'manja n'kumira m'beseni, ndipo akaona mpeni amachita mantha kuti mwina angamuvulaze, moti anasiya kumusambitsa amayi akakhala kuti palibe. Ankaganiza kuti wayamba misala. Ndinamuuza zimene ndimauza amayi ambiri, kuti maganizo odzibweretsa okha oterewa amafika kwa makolo ochuluka a makanda, ndipo chimene chimaonetsa mtundu wake ndi choti mwini wake amanyansidwa nawo, amawaopa, ndipo amachita chilichonse kuti asachitike. Amenewa si ofanana ndi kufuna kuvulaza mwana. Komabe ayenera kunenedwa kwa wazaumoyo, poyamba kuti iye awasiyanitse ndi mtundu woopsa umene ndiufotokoze kumapeto, ndiponso chifukwa kuwasunga wekha kumawapatsa mphamvu.

Zimene tinanena kuchipatala

Amayi sanafune kuti tipite. Nkhawa yawo inali yoti anthu amva kuti mwana wawo wapenga, ndipo nkhaniyo ikafika kwa apongozi ndi ku Joni. Ankafuna kuti tiyambe taitana azimayi a kutchalitchi adzapemphere. Sindinawatsutse pa za mapemphero, ndinangowauza kuti azimayiwo abwere madzulo, ife tipite m'mawa, ndipo ndinawonjezera chifukwa chimene chinawafewetsa mtima: pali matenda a thupi amene amaoneka ndendende ngati zimenezi, ndipo sitingawadziwe popanda kuyeza.

Zimenezi n'zoona, sichinali chinyengo. Kuchepa kwa magazi, kumene n'kofala kwa amayi amene angobereka, kumabweretsa kufooka, chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima. Malungo amaphwanya thupi ndi kuchotsa chilakolako cha chakudya. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni, chimatha kusokonezeka m'miyezi yotsatira kubereka, n'kuchititsa munthu kunjenjemera ndi kusowa tulo, kapena kufooka ndi kukhumudwa. Ndiye wazaumoyo wabwino amayamba ndi thupi, koma saimira pomwepo, chifukwa munthu angathe kukhala ndi magazi ochepa ndi matenda a maganizo nthawi imodzi.

Tisananyamuke ndinamukonzekeretsa chonena, chifukwa ndikudziwa momwe mzere umakhalira ndi momwe namwino amene ali ndi anthu ambiri panja amafunsira mofulumira. Mayi akangonena kuti ndatopa, amauzidwa kuti azidya bwino ndi kupuma. Tinagwirizana kuti anene zinthu zitatu zooneka, pamodzi ndi nthawi yake: kuti kwa masabata atatu sakugona ngakhale mwana atagona, kuti palibe chimene chikumusangalatsa ndipo chakudya sichikulowa, ndiponso kuti amalakalaka atagona osadzuka. Ndinamuuzanso kuti apemphe kulankhula pambali, chifukwa zinthu zoterezi sizituluka pamene amayi ena akumvetsera pabenchi. Ndinalowa naye, koma ndinakhala chete kuti alankhule yekha, ndipo ndinangowonjezera zimene ndinaona usiku uja.

Namwino anamuyeza kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi, malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Malungo sanapezeke, magazi anali otsikirapo koma osati mofika pofotokoza zonse, ndipo anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Kenako anamufunsa mafunso awiri amene azaumoyo ambiri amayambira: ngati m'mwezi wapitawo wakhala akuvutika ndi kukhumudwa kapena kutaya mtima, ndiponso ngati wakhala wopanda chidwi kapena chisangalalo pa zochita zake. Onse awiri anayankha kuti inde, ndipo yankho la inde ngakhale pa limodzi lokha limatanthauza kuti pafunika kufunsa mozama. Palinso mndandanda wa mafunso 10 wotchedwa Edinburgh, umene unatuluka mu 1987, wofunsa za masiku 7 apitawo, ndipo unamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa kwa amayi oyembekezera kuno ku Mangochi. Mafunso oterewa sagamula okha kuti munthu akudwala, amangolozera amene akufunika kuonedwa bwino, ndipo si pachipatala chilichonse pamene mungawapeze.

Anatitumiza kwa wazaumoyo woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma, amene anakhala naye nthawi yotalikirapo. Anafunsa ngati anadwalapo chonchi kale, ngati m'banja mwathu alipo amene anadwalapo matenda a maganizo, ngati alamu amamuchitira nkhanza kapena kumuopseza pafoni, ndi momwe ndalama zikuyendera. Mafunso amenewa si miseche, chifukwa kudwalapo kale, nkhanza za m'banja, umphawi, kubereka movutikira ndi kusowa womuthandiza ndizo zimakweza chiopsezo kwambiri. Kwa mng'ono wanga chachikulu chinali kusungulumwa: mwamuna ali kutali, ndalama zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo mwana woyamba anabadwa bambo ake kulibe.

Chithandizo chimatengera kukula kwa vuto. Likakhala laling'ono kapena lapakatikati, kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa kumakwanira kwa ambiri, ndipo si kucheza wamba: amasankha vuto limodzi, kuliphwanya m'zidutswa, kugwirizana chochita sabata imeneyo, n'kudzaonanso. Likakula amawonjezera mankhwala, ndipo m'zipatala zathu amene amapezeka kawirikawiri ndi amitiriputilini ndi fuluwokisetini. Mng'ono wanga anapatsidwa zonse ziwiri, uphungu ndi mankhwala, chifukwa cha kusadya ndi maganizo aja osafuna kudzuka. Anamuuza kuti apitirize kuyamwitsa, ndipo kusankha mankhwala oyenera mayi woyamwitsa ndi ntchito ya wazaumoyo, osati ya mnzako amene anatsala ndi mapiritsi ake.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye ndinawafotokozera amayi mobwereza. Mankhwala amenewa sagwira ngati panado. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kupitirira, kuti kusintha kuoneke, pamene zovuta zake monga kuuma m'kamwa, kusinza kapena nseru zimayamba msanga. Munthu amaona ngati akungomuwonjezera mavuto n'kusiya sabata yoyamba. Ena amasiya atangoyamba kupeza bwino, pamene amayenera kupitiriza kwa miyezi yosachepera 6 kuchokera nthawi imene achira, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi wazaumoyo.

Kunyumba tinakonza zinthu zochepa koma zokhazikika. Amayi anatenga mwana kuyambira akayamwa madzulo mpaka pakati pa usiku, tsiku lililonse, kuti pakhale chigawo chimodzi cha tulo chodalirika. Msuweni wathu anatenga ntchito ya madzi ndi matewera. Mnzake wa kukwaya ankabwera madzulo kudzayenda naye pang'ono, ngakhale tsiku limene sakufuna, chifukwa m'matenda amenewa chilakolako chimabwera pambuyo pa kuchita, sichitsogola. Alamu ndinawaimbira ndekha n'kuwauza kuti asamafunse za mwana yekha. Kusintha koyamba kunali tulo, kenako chakudya, ndipo chisangalalo chinabwera pomaliza, mwana ali ndi miyezi itatu ndi kupitirira.

Zosadikira tsiku la sikelo

Mipata yokumana ndi azaumoyo ilipo kale, ndipo mayi amene zizindikiro zake n'zapang'ono angathe kuigwiritsa ntchito: kuonedwa m'sabata yoyamba kapena yachiwiri atabereka, kuonedwa pa masabata 6, ndi katemera wa mwana pa masabata 6, 10 ndi 14. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angathenso kumva nkhaniyi n'kulozera koyenera. Koma masabata awiri aja ndi a zizindikiro zimene sizikuika moyo pachiswe, ndipo pali zina zimene siziwerengerwa masiku.

Mayi akanena kuti akufuna kudzipha, kapena akuganiza za njira, kapena wayamba kutsanzika ndi kugawa katundu wake, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asasiyidwe yekha ngakhale kwa kanthawi, ndipo mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapiritsi onse achotsedwe m'nyumba asanafike madzulo. Chimodzimodzinso akanena kuti akufuna kuvulaza mwana, kapena akasiyiratu kudya, kumwa ndi kuyamwitsa.

Mtundu woopsa umene ndinautchula uja ndi kusokonezeka mutu kwa pambuyo pobereka, kumene kumagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 ndipo kawirikawiri kumayamba m'masabata awiri oyambirira, nthawi zina m'masiku ochepa chabe. Mayi amatha masiku osagona koma osamva kutopa, amalankhula mofulumira zinthu zosalumikizana, amamva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona, amakhulupirira kuti mwana si wake, kuti wasinthidwa, kapena kuti anthu a m'nyumba akufuna kumupha. Kusiyana kwake ndi maganizo a m'beseni aja n'kwakuti uyu sawaopa maganizo akewo ngati achilendo, amawakhulupirira. Zimasinthasintha pa maola, moti m'mawa angaoneke bwinobwino madzulo n'kusokonezekanso, ndipo mabanja ambiri amataya masiku ofunika akuyendayenda kwa asing'anga poganiza kuti walodzedwa. Matendawa amachizika, koma amafuna chipatala mwamsanga, ndipo mwana akhale m'manja mwa munthu wina mpaka mayi ataonedwa. Amene anadwalapo chonchi pa uchembere wam'mbuyo, kapena amene mayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo, anene kusikelo ya amayi apakati asanabereke.

Kusokonezeka kumene kwabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kutaya magazi ambiri, zotuluka zonunkha, mutu waukulu, kusaona bwino kapena kukomoka kungakhale matenda a m'chiberekero, malungo aakulu kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo kumeneko n'kofuna galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ponyamuka tengani buku la kuchipatala la mayi ndi la mwana, mankhwala alionse amene wakhala akumwa kuphatikizapo achikuda, ndiponso munthu amene wakhala naye masiku amenewo, chifukwa wazaumoyo adzafuna kudziwa tsiku limene zinayamba ndi usiku womaliza umene anagona.